Kuunika ndondomeko ya boma pa kuchepa kwa anamwino: ndiyambire pati?

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeniko. Atipatsa asainimenti yoti tisankhe ndondomeko imodzi ya zaumoyo yokhudza anamwino n'kuiunika mozama, mawu 2,500. Ndasankha kuchepa kwa anamwino. Ndalemba kale masamba atatu ofotokoza zoyambitsa vutoli: malipiro ochepa, kupita kunja, kusowa kwa nyumba kumidzi, kuchuluka kwa odwala. Alekichala angowerenga tsamba loyamba n'kulemba kuti ndikulongosola chabe, sindikuunika. Kusiyana kwake kuli pati?

Mayi Nachisale: Alekichala anuwo akunena zoona, Tadala, ndipo vuto layambira pa mutu. Kuchepa kwa anamwino si ndondomeko, ndi vuto. Ndondomeko ndi zimene boma linasankha kuchita pa vutolo, ndi ndalama zake, zaka zake ndi zimene linalonjeza. Vuto simungaliweruze, mungangolidandaula, n'chifukwa chake masamba atatu aja atuluka ngati madandaulo.

Tengani ndondomeko imodzi imene ili ndi chiyambi ndi mapeto. Kwathu kuno yabwino kuphunzirirapo ndi pulogalamu yapangozi yowonjezera ogwira ntchito zachipatala imene Unduna wa Zaumoyo unayamba mu 2004 ndipo inakonzedwa kuti iyende zaka zisanu ndi chimodzi. Pofufuza lembani EHRP Malawi. Ndalama zambiri zinachokera ku boma la Britain kudzera ku DFID komanso ku Global Fund. Inali ndi mbali zisanu: kuwonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito m'zipatala za boma ndi za mishoni za CHAM, kukulitsa sukulu kuti zizitenga ophunzira ambiri, kubweretsa madokotala ndi aphunzitsi a unamwino ongodzipereka ochokera kunja, kubweretsa alangizi ku unduna, ndi kukonza kalondolondo wa ziwerengero. Ubwino wake ndi woti inatha, inaunikidwa mu 2010, ndiye muli ndi manambala oti mulimbane nawo.

Mbali zisanu zonsezo sizingakwane m'mawu 2,500. Tengani ziwiri, za malipiro ndi za maphunziro, ndipo funsani funso limodzi: kodi zinawonjezera anamwino pabedi la wodwala, ndipo zinawawonjezera kuti?

Gondwe: Koma Mayi, nkhaniyi yankho lake n'lodziwika kale. Anamwino ankathawira ku Mangalande, boma linakweza malipiro, kuthawa kunachepa. Ogwira ntchito anakwera ndi 53 peresenti. Tadala angolemba kuti ndondomekoyo inapambana ndipo boma liibwereze. Kuchulutsa gaga m'diwa bwanji?

Mayi Nachisale: A Gondwe, nambala mwatchulayo ndi yoona, koma si ya anamwino. Ndi ya magulu onse 11 pamodzi, amene anachoka pa 5,453 mu 2004 kufika pa 8,369 mu 2009. Anamwino paokha anachoka pa 3,456 kufika pa 4,812, komwe ndi 39 peresenti. Amene anakweza nambala ya onse ndi magulu ena, monga madokotala, amene anali ochepetsetsa poyamba ndipo anachuluka kangapo.

Tadala, apa ndi pamene kuunika kumayambira. Wolongosola amakopera 53 peresenti n'kupitirira. Wounika amafunsa kuti 53 peresenti ya ndani, akapeza 39 amafunsanso kuti odwalawo anaima pamodzi kodi? Chiwerengero cha anthu m'dziko muno chimakwera pafupifupi 3 peresenti pachaka, ndiye pazaka zisanu chinakwera pafupifupi 15 peresenti. Gawani 1.39 ndi 1.15, mupeza 1.21. Tanthauzo lake, poyerekeza ndi anthu oti awasamale, anamwino anakwera ndi 21 peresenti yokha. Kalembera wa 2008 anapeza anthu 13.1 miliyoni, choncho anamwino 4,812 aja ndi pafupifupi 37 pa anthu 100,000 alionse. Kupita patsogolo kunalipo ndithu, musakubise, koma kwachepa kuchoka pa 53 kufika pa 21 popanda kunamizira aliyense.

Onjezani kuti zaka zomwezo ndi zimene mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala, kuyambira 2004. Ntchito yatsopano yonseyo, kuyeza, kulangiza, kupereka mankhwala mwezi ndi mwezi, inagwera anthu omwewo.

Mphatso wa ku Leeds: Ngati ndi za kuchepa kwa anamwino, lembani za kuno, Tadala, zolemba zilipo mbwee. Nkhani ya chiwerengero cha odwala pa namwino mmodzi imakambidwa tsiku ndi tsiku, ndipo magazini a kafukufuku ndi osavuta kupeza. Za kumudzi mudzavutika ndi maumboni.

Tadala: Zikomo achemwali, koma anatiuza kuti ikhale ndondomeko ya ku Malawi.

Mphatso wa ku Leeds: Ohoo, ndiye ndinamva mwina. Komabe pali chimodzi cha kuno chimene chikukhudza mfundo ya a Gondwe. Mu 2006 boma la Britain linachotsa anamwino wamba a magiredi oyambira pa mndandanda wa ntchito zosowa anthu. Kuyambira pamenepo chipatala chinkayenera kuonetsa kuti chalephera kupeza munthu kuno kapena ku Ulaya chisanalembe wa kunja. Khomo linapanikizika kumbali ino. Ndiye ngati opita kunja anachepa zaka zimenezo, mungadziwe bwanji kuti anawagwira ndi malipiro, osati kuti kopita kunatsekeka?

Gondwe: Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Koma musandiuze kuti 52 peresenti sinagwire munthu ngakhale mmodzi.

Che Jafali: Inagwira ena, a Gondwe, koma 52 ija siinkafika yonse m'thumba. Inali yowerengera pa malipiro oyambira, ndipo inkadulidwa msonkho. Tadala, sonyezani zimenezi ndi chitsanzo chaching'ono, n'kunena poyera kuti ndi chitsanzo: pa K100 iliyonse ya malipiro oyambira pakubwera K52, msonkho tiyerekeze kuti ndi 30 peresenti, zotsala ndi K36.40. Kenako mitengo ya zinthu imadyako chaka ndi chaka. Namwino amafanizira ndalama ya m'thumba ndi imene bungwe lomwe si la boma likupereka mu mzinda womwewo, safanizira ndi peresenti ya papepala.

Ndipo apa pali china chimene ophunzira ambiri amachiphonya. Kuchoka si kukwera ndege kokha. Namwino akasiya wodi ya boma n'kukagwira ntchito ku pulojekiti ya kafukufuku kapena ku bungwe, amakhalabe m'kaundula wa khonsolo ya anamwino ndi azamba, laisensi amalipirabe, pa chiwerengero cha dziko amawerengedwabe, koma pa rosita ya wodi palibe. Ndiye nthawi zonse nenani kuti nambala yanu yachokera m'buku liti. Kaundula wa khonsolo amawerenga ololedwa kugwira ntchito. Mndandanda wa malipiro umawerenga olembedwa ntchito, kuphatikizapo amene ali kusukulu ndi patchuthi. Rosita ndi imene imawerenga oti afika m'mawa. Manambala atatuwa sagwirizana, ndipo kusiyana kwawoko ndi nkhani payokha.

Tadala: Nanga peresenti ya mipando yopanda anthu imene imatchulidwa m'malipoti a unduna? Ndinkafuna kuti ikhale umboni wanga waukulu.

Sisita NaBanda: Igwiritseni ntchito, koma mudziwe chimene imayeza. Imafanizira anthu amene alipo ndi mipando imene boma linavomereza papepala. Siifanizira ndi odwala. Mipandoyo ikhoza kukhala yakale, yoikidwa wodi isanakule, kapena ikhoza kuwonjezedwa lero, peresenti ya mipando yopanda anthu n'kulumpha popanda namwino ngakhale mmodzi wochoka.

Tiyeni tiwerengere limodzi wodi yongoyerekeza, manambalawa ndi achitsanzo, inu mudzaikepo a wodi imene mukuidziwa. Wodi ya amuna, odwala 60 tsiku lililonse, kuphatikizapo ogona pansi pa matiresi. Mipando yovomerezeka 20, anamwino olembedwa 12. Lipoti linena kuti mipando 40 peresenti ilibe anthu.

Tsopano tsegulani rosita. Pa 12 aja mmodzi ndi woyang'anira wodi, nthawi yake yambiri imathera ku misonkhano, kuitanitsa mankhwala ndi malipoti. Wina ali patchuthi cha uchembere. Wina ali kusukulu kokweza dipuloma kuti ikhale digiri, malipiro akulandirabe pa dzina la wodiyo. Otsala ndi 9.

Namwino mmodzi sagwira masiku 365. Chotsani masiku 104 opuma, awiri pasabata, masiku 12 a tchuthi cha dziko, masiku 24 a tchuthi cha pachaka, ndi masiku 15 a kudwala, maliro ndi maphunziro afupiafupi. Atsala masiku 210. Pa maola 8 patsiku ndi maola 1,680 pachaka. Koma wodi siitseka, ili ndi maola 8,760 pachaka. Gawani 8,760 ndi 1,680, mupeza 5.2. Ndiye kuti pakhale namwino mmodzi yekha m'wodi usana ndi usiku chaka chonse, pafunika kulemba anthu oposa asanu.

Anthu 9 aja agaweni ndi 5.2, mupeza 1.7. Ndiwo anamwino amene ali m'wodi pa ola lililonse. Popanga rosita masana amaikako awiri kapena atatu chifukwa cha raundi, mabala ndi ogonekedwa atsopano, ndiye usiku pamatsala mmodzi. Mmodzi, odwala 60. Akangopatsa wodwala aliyense mphindi zitatu zokha pa mankhwala a usiku, atha maola atatu asanayeze munthu kutentha thupi, asanasinthe diripi, asanalembe kalikonse mu faelo. Amene amaona kuti diripi yatha amakhala gadiyani.

Mukafuna namwino mmodzi pa odwala 10, wodiyo ifunika anamwino 6 nthawi iliyonse, kuchulukitsa ndi 5.2, anthu 31. Kupereweraku ndi 61 peresenti, osati 40. Ngakhale mipando yonse 20 itadzaza, wodi ikhalabe yoperewera.

Gondwe: Mmodzi pa odwala 10 mwamutenga kuti, a Sisita? Wina akhoza kunena 15, nambala yanu ya 31 n'kugwa.

Sisita NaBanda: Igwadi, ifika pa 21. N'chifukwa chake Tadala ayenera kulemba kuti ichi n'chimene wayerekeza, ndipo asonyeze zotsatira za onse awiri. Wochonga amapereka malikisi kwa munthu amene waonetsa pamene nambala yake ili yofooka. Ndipo onani kuti ngakhale pa 15, 21 ija ikuposabe mipando 20.

Che Jafali: Njira ya a Sisitayi ndi yofanana ndi ya WHO yotchedwa WISN. Kusiyana kwake n'koti iyo siyambira pa chiwerengero cha odwala pa namwino, imatenga ntchito iliyonse payokha, monga kubereketsa, sikelo ya amayi oyembekezera, kutsuka bala, n'kuika mphindi zimene imatenga ikagwiridwa bwino, kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa ntchitoyo pachaka, kenako kugawa ndi maola amene munthu mmodzi ali nawo. Chenjezo lake ndi ili: imadalira ziwerengero za m'marejisita. Pamene namwino ali yekha ndi pamenenso rejisita imadumphidwa, ndipo odwala amene anabwerera pakhomo atatopa kudikira salembedwa paliponse. Ndiye chipatala chopanikizika kwambiri chikhoza kuoneka ngati chili ndi ntchito yochepa.

Za muyezo wa WHO wa 2.3 pa anthu 1,000 wa mu 2006, ndi wa 4.45 wa mu 2016, musamale. Umaphatikiza madokotala, anamwino ndi azamba, si wa anamwino okha, ndipo ndi wofanizira maiko. Sungakuuzeni kuti wodi ya ana ku Mchinji ifunika anthu angati.

Tadala: Alekichala anatchulanso za Walt ndi Gilson. Ndiike mitu inayi ija, uliwonse ndime yake?

Mayi Nachisale: Ambiri amatero, ndipo nkhani imatuluka ngati fomu yodzaza. Chida cha Walt ndi Gilson cha mu 1994 chimati muone zinthu zinayi: zimene zili m'ndondomekomo, nyengo imene inabadwira, njira imene inadutsa, ndi anthu kapena mabungwe amene anali ndi mphamvu pa iyo. Phindu lake lili pa kulumikiza zinayizo, osati kuzindandalika.

Mwachitsanzo, pa nyengo mudzalemba kuti 2004 inali nthawi ya Edzi itafika pachimake, anamwino akumwalira, ena akuchoka, ndipo mankhwala otalikitsa moyo sakanafalikira popanda anthu owapereka. Pa amphamvu mudzalemba kuti opereka thandizo, amene kale ankakana kulipira malipiro a ogwira ntchito m'boma, anavomera. Mukalumikiza ziwirizi mupeza chifukwa chake ndondomekoyo inali yapangozi, ya zaka zowerengeka, yotsamira pa ndalama zakunja. Pamenepo funso lenileni lituluka lokha: sukulu zikakula n'kuyamba kutulutsa anthu ambiri chaka chilichonse, adzawalemba ntchito ndani thandizo likatha? Kuphunzitsa namwino kumatenga zaka zitatu pa dipuloma, zinayi pa digiri, kenako kwatha. Kumulipira ndi mwezi uliwonse mpaka adzapume. Unduna wa Zaumoyo ukhoza kufuna anthu, koma chilolezo cholemba ntchito ndi ndalama zake zimadalira Unduna wa Zachuma ndi nthambi yoona za ogwira ntchito m'boma. Apa ndi pamene pachokera chodabwitsa chimene aliyense akuchidziwa, ndipo bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lakhala likuchidandaula: anamwino omaliza maphunziro ali pakhomo, mawodi ali opanda anthu. Mukalemba kuti vuto ndi kusowa kwa anamwino basi, mwaphonya. Lero mbali yaikulu ndi kusowa kwa mipando yokhala ndi ndalama.

Chiganizo chimenecho, kapena china chonga icho, chikhale kumapeto kwa ndime yanu yoyamba. Wowerenga adziwe msanga chimene mukutsutsa kapena kuvomereza.

Pa kagawidwe ka mawu, ine ndikanapereka 250 ku chiyambi, 350 kufotokoza ndondomekoyo, 1,300 kuunika, 400 zoyenera kuchita, 200 kutseka. Masamba atatu mwalemba aja afinyeni akwane mu 350.

Tadala: Apa ndiye mwandipweteka, Mayi. Nanga mtsutso wa a Gondwe ndi achemwali a ku Leeds ndiuthetse bwanji? Ndilembe kuti malipiro anathandiza kapena ayi?

Mayi Nachisale: Musauthetse ndi mphamvu. Panalibe gulu la anamwino a boma amene anasiyidwa dala osawonjezeredwa kuti tifanizire nawo, ndiye palibe angalekanitse bwinobwino mphamvu ya malipiro, ya lamulo la ku Britain, ndi ya mankhwala amene anachepetsa imfa pakati pa ogwira ntchito eniake. Lembani kuti zitatuzi zinachitika nthawi imodzi, ndipo munene chimene mukuona kuti chinalemera, ndi chifukwa chake. Gwiritsani mawu oti "zinathandizira", osati "zinachititsa". Muonenso kuti lipoti limene mukutengamo manambala analipirira ndani. Sizitanthauza kuti ndi labodza, koma lipoti lounika pulogalamu limayeza zimene pulogalamuyo inalonjeza, ndipo kawirikawiri silifunsa zimene siinalonjeze.

Sisita NaBanda: Chimodzi mwa zimenezo ndi kagawidwe. Nambala ya dziko lonse siinena kuti anthu 1,356 owonjezeka aja anapita kuti. Namwino wowonjezeka ku Queens kapena ku Kamuzu Central safanana ndi wowonjezeka pa chipatala chaching'ono chakumudzi pamene mzamba ali yekha, akugogoderedwa kunyumba usiku uliwonse. Kuwonjezera kofanana kwa aliyense sikupatsa munthu chifukwa chosankhira ku Chitipa m'malo mwa ku Blantyre. Pamenepa nyumba, magetsi, madzi ndi sukulu ya ana zimalemera kuposa peresenti. Fufuzaninso kuti owonjezekawo anali a giredi iti, chifukwa ambiri otuluka m'makoleji a CHAM ndi a dipuloma, pamene a digiri, amene amayang'anira mawodi ndi kuphunzitsa ophunzira, ndi ochepa ndipo ndi amene mabungwe amawakokera.

Gondwe: Pa zoyenera kuchita, aikepo lokamu, ija yolipira namwino padera kuti agwire maola owonjezera. Imatseka mipata lero lomwe, osadikira zaka zitatu.

Che Jafali: Imatseka pa rosita. Koma bwererani ku masamu a a Sisita. Lokamu siibweretsa munthu wakhumi, imagula masiku opuma a anthu 9 omwe aja. Wotuluka naiti akubwereranso masana, ndipo zolakwika pa mankhwala zimakonda nthawi yotere. Ndalama yake ikachedwa miyezi, anthu amasiya kulembetsa, mpata umatsegukanso. Ikhoza kukhala yothandiza ngati akuitenga ndi anamwino amene sanalembedwe ntchito, chifukwa pamenepo maola akuwonjezekadi, ngakhale zimenezonso zili ndi vuto lake, munthu kugwira zaka popanda penshoni kapena tchuthi.

Gondwe: Mukanakhala woyang'anira wodi Lachisanu madzulo, rosita ya Loweruka ili ndi dzenje, simukanalankhula choncho. Popanda lokamu mawodi ena akanagona opanda namwino.

Che Jafali: Sindikukana. Ndikuti Tadala asailembe ngati yankho la kuchepa kwa anthu.

Mayi Nachisale: Ziwirizo zilowe zonse, Tadala, ndi ndime yabwino. Koma pa zoyenera kuchita musapitirire zitatu, ndipo chilichonse chiyankhe kuti achite ndani, ndi ndalama zochokera kuti, ndipo tidzadziwa bwanji kuti zatheka. "Boma lilembe anamwino ambiri" sipatsa malikisi. Yerekezani ndi iyi: Unduna wa Zaumoyo ndi wa Zachuma azigwirizana chiwerengero cha mipando yokhala ndi ndalama chaka chimene ophunzira akulowa m'makoleji, osati chaka chimene akutuluka, ndipo muyezo wake ukhale miyezi imene munthu amadikira kuchokera pokhoza mayeso a khonsolo kufika polembedwa ntchito. Munenenso chimene chingailepheretse, monga malire a ndalama za malipiro mu bajeti. Mukatchula lonjezo la ku Abuja la mu 2001 loti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, musaime pamenepo, chifukwa bajeti ikhoza kukwera ndalama n'kupita ku mankhwala ndi zomangamanga.

Tadala: Funso lomaliza. Kodi sadzanena kuti 2004 ndi kale kwambiri? Anzanga ambiri atenga pulani ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030.

Che Jafali: Imeneyo ikadali pakati, ndiye mungaunike zimene yalonjeza ndi ndalama zake, koma zotsatira zake zonse sizinaoneke. Mukhoza kuigwiritsa ntchito m'ndime imodzi kumapeto, kufunsa ngati yatseka dzenje la pakati pa kuphunzitsa ndi kulemba ntchito.

Mayi Nachisale: Ine ndikanakhalabe pa ya 2004, koma onani pepala la malangizo a asainimentiyo. Ngati palembedwa kuti ndondomekoyo ikhale imene ikugwira ntchito pano, tembenuzani: ya 2023 ikhale mutu, ya 2004 ikhale umboni woiyezera. Kafunseni alekichala musanalembenso tsamba lina.

Tadala: Pepalalo langoti "ndondomeko ya zaumoyo ya ku Malawi". Ndikawafunsa Lolemba. A Sisita, masiku 24 a tchuthi aja ndi a giredi iliyonse?

Sisita NaBanda: Ayi, amasiyana ndi giredi, ndinangoika kuti masamu ayende. Kafunseni ku ofesi yoona za ogwira ntchito pa chipatala chimene mukuchitira pulakatiko, mutenge enieni, ndipo m'nkhani yanu musatchule dzina la wodi kapena la munthu aliyense wa pa rosita.